Diso Likayamba Kung'anima ndi Kuona Timadontho Takuda, Pitani Kuchipatala Tsiku Lomwelo

M'kati mwa diso muli madzi olendemuka. Kuseri kwake kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, komwe kamalandira kuwala kuti tione. Munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 50, madzi aja amanyala n'kuyamba kukoka retina. Kukokako ndiko kumachititsa kung'anima ngati mphezi m'mbali mwa diso, makamaka mumdima. Kwa ambiri zimathera pomwepo, koma kwa ena retina imang'ambika, madzi n'kulowa pong'ambikapo n'kuyamba kuimatula.

Choipa chake n'chakuti sizipweteka, ndipo diso silifiira. N'chifukwa chake anthu amachedwa.

Tiyerekeze bambo wa zaka 58, msodzi wa ku Makanjira, amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala chaka chatha. Lolemba madzulo akuona kung'anima kudiso lamanja, mvula kulibe. Lachiwiri m'mawa akuona timadontho takuda tambirimbiri ndi tiulusi tikuyandama, akatembenuza diso nato tikutsatira, akasukusula sitikuchoka. Tsiku lonyamuka ndi limeneli. Ngati retina yangong'ambika, dokotala amamata pong'ambikapo ndi makina a kuwala kwamphamvu kapena chida choziziritsa kwambiri, nthawi zambiri osagonekedwa. Bamboyo akadikira kuti athane kaye ndi za maukonde, pakhoza kubwera mthunzi wakuda wochokera m'mbali, n'kumakula. Apo ndiye kuti retina ikumatuka, ndipo pafunika opaleshoni yaikulu. Mthunziwo ukafika pakati, ngakhale opaleshoni iyende bwino, diso nthawi zambiri silibwerera mwakale.

Timadontho tiwiri titatu timene mwakhala nato zaka zambiri osasintha si toopsa. Zodetsa nkhawa ndi tatsopano tobwera mwadzidzidzi, kung'anima, mthunzi, kapena kuona mwachimbuuzi kongoyamba kumene. Phimbani diso limodzi, kenako linalo, kuti mudziwe lomwe lavuta, pakuti diso labwino limabisa vuto la linzake. Samalani kwambiri ngati mumavala magalasi oonera patali, munamenyedwapo padiso, munachotsedwa ng'ala, kapena wachibale anadwalapo matendawa. Kwa odwala shuga, timadontho totere tikhoza kukhala magazi otuluka m'kati mwa diso, ndipo nazonso n'zofunika changu.

Pasathe maola 24, fikani kwa a zamaso pa chipatala chachikulu cha boma lanu, monga cha Mangochi. Mukayambira pachipatala chaching'ono, fotokozani momveka kuti zayamba liti, mupemphe kalata yokutumizani. Adzakuthirani mankhwala okulitsa mwanadiso kuti aone kuseri. Kungounika ndi tochi sikukwanira. Mankhwalawo amachititsa chimbuuzi kwa maola angapo, choncho pitani ndi wokuperekezani ndipo musayendetse njinga yamoto. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi kandalama ka ulendo, popeza akhoza kukutumizani ku Zomba kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens, mu Blantyre.

Mankhwala opaka kapena odontheza m'maso a kusitolo safika pa retina. Azitsamba, madzi a shuga ndi mkaka wa m'mawere, izi ndiye musayese n'komwe, zikhoza kuika zilonda padiso.