Fanizo limodzi likwana polemba za munthu amene anatisiya

Pa ntchito yanga yokonza zolemba za anthu, nkhani zimene zimandipatsa ntchito kwambiri ndi zokumbukira mayi, bambo kapena mwana amene anamwalira. Wolemba amakhala ndi chisoni chenicheni, koma chikafika papepala chimamveka ngati chobwereka. Nthawi zambiri chimene chimaononga ndi kuchuluka kwa mafanizo.

Mtsikana wina wa ku Thyolo, amene mayi ake anagwira ntchito yothyola tiyi moyo wawo wonse, anandibweretsera nkhani yoyamba motere:

"Mayi anga anali phiri la Mulanje, mthunzi wanga padzuwa, nyali ya m'nyumba mwathu. Imfa, chilombo chopanda chisoni, inathyola duwa lathu lokongola, mtima wanga n'kusweka ngati mbale yadothi, misozi n'kusefukira ngati Ruo m'dzinja."

Ndinamupempha kuti adule mzere kunsi kwa fanizo lililonse. Anapeza 7 m'ziganizo ziwiri zokha. Tsono taganizani ntchito imene wowerenga wapatsidwa. Fanizo limachotsa maso ake pa chinthu chimene mukunena, n'kuwapititsa pa china, kuti akabwerera achione bwino choyambacho. Ulendo umenewu ukachitika kamodzi, amabwerako ndi kanthu. Koma apa wowerenga wakwera phiri, wakhala pamthunzi, wayatsa nyali, wathawa chilombo, ndipo ndime yatha asanawaone mayiwo. Sakudziwa msinkhu wawo, ntchito yawo, ngakhale mawu amodzi amene ankakonda kunena.

Zithunzizo zikulimbananso zokhazokha. Munthu mmodzi sangakhale phiri m'chiganizo choyamba n'kusanduka duwa lothyoka m'chachiwiri. Mthunzi umatchinga kuwala pamene nyali imabweretsa kuwala. Chilombo chimagwira ndi kukhadzula, sichithyola maluwa. Wowerenga sangakhale pansi n'kumasanthula zonsezi, komabe khutu lake limamva kuti wolemba sanaone chimene akunena, wangotola mawu amene anali pafupi. Akangomva choncho amayamba kukayikira, ndipo amakayikira ngakhale chisoni chomwe chili choona.

Funso limene ndimafunsa pa fanizo lililonse ndi ili: kodi mawu amenewa anganenedwe za mayi wina aliyense? Ngati "nyali ya m'nyumba mwathu" ikukwanira mayi a ku Luchenza, a ku Limbuli ndi a ku Karonga chimodzimodzi, ndiye kuti sikunena kanthu za mayi anuwo. Mafanizo onse 7 aja anagwa pa funso limeneli.

Titawachotsa, pepala linatsala loyera, ndipo mtsikanayo anadandaula. "Aphunzitsi, ndiye anthu aziti sindinawalire mayi anga." Nkhawa imeneyi ndimaimvetsa, ndipo ndi imene imachititsa ambiri kuunjika mafanizo: amaona ngati kukula kwa mawu ndiko kukula kwa chikondi. Ndinangoti, "Mwanawe, tandiuza, ukatseka maso ukuona chiyani cha mayi ako?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anati zala. Tinayambira pamenepo, ine kufunsa, iye kulemba zimene wayankha osazikometsa. Ndime inatuluka chonchi:

"Mayi ankadzuka kusanache, n'kumanga pepala la pulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame a m'munda wa tiyi. Chala chawo chachikulu ndi chamkombaphala zinali zakuda ndi zong'aluka, sopo sankazitha. Atasiya ntchito, akakhala pakhonde madzulo, zala zija zinkayendabe pa chitenje chawo, kuthyola masamba amene panalibe. Dengu lawo likadali pamsomali kuseri kwa chitseko, palibe amene walimba mtima kulichotsa. Chiwaikireni, m'nyumba mwathu muli ngati nyengo ya chiperoni: mvula yeniyeni sikugwa, koma chilichonse n'chonyowa ndipo sichikuuma."

Mu ndime imeneyi mulibe mawu oti chisoni kapena misozi, koma wowerenga akafika pa dengu lija kukhosi kumamuwawa. Chifukwa chake n'chakuti waona yekha, sanachite kuuzidwa kuti amve bwanji. Ziganizo zinayi zoyambirira ndi zinthu zoti mboni ikhoza kuvomereza: pulasitiki, zala, chitenje, msomali. Zimenezi ndi zimene zapatsa wolemba ufulu woika fanizo pa chiganizo chachisanu. Likanabwera poyamba, tisanawadziwe mayiwo, likanangomveka ngati luso la mawu.

Fanizo la chiperoni sindinalichotse pa zifukwa ziwiri. Lachokera m'dziko la mayiwo, pakuti aliyense wa kuno amadziwa masiku a June ndi July pamene nkhungu imaphimba minda, kamvula kosamveka padenga n'kumangowaza, zovala n'kukhala pachingwe masiku angapo osauma. Komanso likunena chinthu chimene mawu wamba akanavutika nacho: kuti chisoni cha pakapita miyezi sichikhalanso cha kulira mokweza, chimangolowa m'zinthu zonse mwakachetechete. Ndiko kuyesa kwachiwiri kwa fanizo. Lichotseni, muwerenge ndimeyo popanda ilo. Ngati palibe chimene chasowa, linali chokongoletsera chabe. Apa chikanasowa.

Mtsikanayo anafuna kuwonjezera kuti dzuwa lidzatuluka nkhungu ikadzachoka, ndipo ndinamuletsa. Fanizo likagwira ntchito yake, kulikoka kuti lipereke phunziro kumaliononga, komanso iyeyo anali asanafike poona dzuwa limenelo. Akanalemba, akanamunamiza wowerenga.

Sindikunena kuti mafanizo akale aja ndi oipa paliponse. Pamaliro, wolankhula m'malo mwa banja akati "mtengo waukulu wagwa", mawuwo amalemera, chifukwa onse amene akhala pamenepo ankamudziwa malemuyo ndipo bokosi lili pamaso pawo. Nyimbo ndi ndakatulo zolakatula pagulu nazonso zimanyamula mafanizo ambiri, pakuti mawu a wolakatula amazithandiza. Koma wowerenga nkhani yanu ali yekha ndi pepala, malemuyo sanamuonepo, ndipo mtengo umene mukuti wagwawo sakudziwa kuti unali wotani.

Palinso nkhani zimene sizifuna fanizo n'komwe. Namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa March 2023, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukwirira nyumba ndi anthu kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre. Amene akulemba za masiku amenewo asayerekeze kunena kuti misozi yake inasefukira ngati mtsinje, pamene mtsinje weniweni ndi umene unatenga abale ake. Madzi a m'fanizo sangaime pafupi ndi madzi enieniwo. Anene kuti phokoso linamveka nthawi yanji, anathawira kuti, anapeza chiyani pamene panali nyumba. Chinthu chikakhala chachikulu kale chotero, chilichonse chimene mungachiyerekeze nacho chimakhala chaching'ono kuposa icho.

Mukamaliza kulemba, muwerengereni mokweza munthu amene ankamudziwa malemuyo, kaya ndi azakhali kaya mnzake wa kuntchito, ndipo muzimuyang'ana nkhope. Akamangoti "mwalemba bwino", akuyamikira inu wolemba, ndiye pakadali zoti muchotse. Akakudulani pakati n'kunena kuti "eya, ankachitadi choncho", kapena akakukonzani kuti dengulo silinali kuseri kwa chitseko koma pakhoma la kukhitchini, mutenge cholembera mukonze pomwepo, ndipo ziganizo zimene zamuchititsa kulankhulazo musazichotse.