Mukafufuta makuki, mwafufutanso kukana kwanu

Sabata siitha ndisanamve munthu akudzitama kuti, "Ine sanganditsate pa intaneti, makuki ndimafufuta." Ndatopa nako kumangomwetulira, ndiye lero ndinene.

Kuki, imene pa sikirini mumaiona italembedwa cookie, ndi timawu tochepa, tosapitirira makilobaiti 4, timene webusaiti imasiya mu bulawuza yanu. Anaiyambitsa Lou Montulli wa ku kampani ya Netscape mu 1994 pofuna kuti webusaiti izikumbukira munthu akachoka tsamba lina kupita lina. Kawirikawiri mkati mwake mumangokhala nambala. Nambalayo ili kwa inu, koma kaundula wa zonse zimene nambalayo yachita ali pa makompyuta a eni ake. Mukafufuta kuki mwangotaya chiphaso, kaundula uja ali chikhalire.

Mawu akuti third party nawonso musawaope. Pa mgwirizano pali awiri, inu ndi mwini webusaiti. Wachitatu ndi wina aliyense amene mwiniyo wamulowetsa, makamaka makampani otsatsa malonda. Kampani imodzi yotere imakhala pa mawebusaiti ambirimbiri, ndipo paliponse mukafika imawerenga nambala yomweyo. Ndi chifukwa chake chinthu chimene munachiona mmawa chimakupezani madzulo pamalo ena.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina amene ankawerenga za matenda omwe anali asanauze aliyense kunyumba. Laputopu inali ya banja lonse. Kabokosi kopempha chilolezo cha makuki kakatuluka ankangodina Accept all kuti kachoke msanga. Posakhalitsa zotsatsa za chithandizo cha matendawo zinayamba kuoneka ana akamachita za kusukulu. Mayiyo si ogona ayi, anafufuza okha mpaka anapeza tsamba la opt-out la makampani otsatsa, pamene munthu amakanira zotsatsa zomulondola, n'kudina kuti akukana. Zinthu zinakhala bwino.

Kenako kunabwera wodziwa zonse wina, n'kuwaikira pulogalamu yaulere "yotsuka" kompyuta, yomwe inkafufuta makuki onse kamodzi pa sabata. Zotsatsa zija zinabwerera, ndipo mayiyo ankaona ngati awalodza.

Panalibe matsenga. Kukana kwa mtundu umenewu nakonso kumasungidwa mu kuki, yongonena kuti uyu anakana. Chotsukira chija chinkaisesa pamodzi ndi zinzake. Mawa lake mayiyo amaoneka ngati mlendo, kabokosi kamatulukanso, iwo n'kudinanso Accept all, n'kupatsidwa nambala yatsopano. Akawerenga za matenda aja kawiri katatu, kaundula watsopano wayamba. Chizindikiro chake n'chosavuta: webusaiti imene munaiyankha kale ikakufunsaninso za makuki, dziwani kuti mwina yankho lanu lakale lapita.

Nditawerenga layisensi ya chotsukiracho ndinagwira pakamwa. Layisensi ndi chilolezo chabe. Pulogalamuyo si yanu, mwangololedwa kuigwiritsa ntchito pa mfundo za mwini wake, ndipo podina I agree mwazivomera zonse. Mfundo ina mmenemo inkalola kampaniyo kugawana ndi "partners", kutanthauza makampani anzake, zambiri za mmene kompyutayo ikugwiritsidwira ntchito. Wotsuka uja anali akutolanso zake. Mayiyo anafika kwa ine patatha miyezi itatu, mwana wawo wamkulu atawafunsa kale chimene akudwala. Chimenecho sindikanachikonza.

Mvetsani bwino kusiyana kwa mawu awiriwa. Opt-in ndiye kuti makampani sayamba kukulondolani mpaka mutavomera. Opt-out ndiye kuti ayamba kale, ndipo ntchito yowaletsa ndi yanu. Mu 2019 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula kuti kabokosi kovomera kamene webusaiti yachongeratu yokha si chilolezo, koma lamulo limenelo silifika paliponse. Komanso opt-out yambiri imangoletsa zotsatsa zokulondolani, osati kutolera zambiri zanu, ndipo sibweza zimene zinaperekedwa kale kwa wachitatu. Tsiku lililonse limene mukuzengereza, kaundula akukula.

Kwa mayi aja tinachotsa chotsukira, n'kutseka makuki a wachitatu mu bulawuza momwemo, chifukwa lamulo la mu bulawuza silisesedwa pamodzi ndi makuki. Bulawuza ya Safari imawatseka yokha kuyambira 2020, Firefox imatseka olondola odziwika kuyambira 2019, pomwe mu Chrome mumasankha nokha Block third-party cookies. Tinawatsegulira akaunti yawoyawo pa laputopu, ananso yawo. Ndinawachenjezanso za malire ake: mukalowa ndi dzina kapena imelo yanu pa webusaiti, safunanso kuki ya wachitatu kuti akudziweni, mwadzitchula nokha.

Ndipo munthu akafuna kukuikirani pulogalamu yolonjeza kukufufutani pa intaneti, muuzeni adikire kaye. Tsegulani layisensi yake ndi tsamba lake la Privacy Policy, dinani Ctrl+F, mufufuze mawu atatu awa: third party, partners ndi share. Werengani ndime zimene atulukamo musanavomere.