Chithunzi cha piritsi chimanena zochepa

Kuno ku chigwa cha Shire, kapepala ka mankhwala sikachedwa kufufutika. Thukuta, dzuwa la ku Ngabu, kapena madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu 2023, basi zolemba zapita, mapiritsi atsala opanda dzina. Ndiye anthu amajambula pafoni n'kutitumizira ife a ku famase: "Awa ndi a chiyani?"

Chithunzi chimathandiza ndithu, makamaka chikaonetsa zilembo zodindidwa papiritsi. Mwa mankhwala a malungo a LA, ena ndi achikasu, ozungulira, mbali ina olembedwa N/C, inayo CG. Ndikaona zimenezo ndimadziwa kampani imene ikuyenera kuti inawapanga. Koma LA wa makampani ena ali ndi zilembo zina, ndipo opanga mankhwala achinyengo amakoperanso chidindo. Mtundu ndiye wosadalirika kwenikweni: piritsi loyera likajambulidwa madzulo m'nyumba limaoneka lachikasu. Nambala nayo imasokoneza, poti 5 kapena 500 nthawi zina ndi mphamvu ya mankhwala, nthawi zina ndi chizindikiro chabe cha fakitale.

Tiyerekeze agogo a ku Bangula omwe amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, amuna awo akumwa a shuga, onse akusunga m'chitini chimodzi. Mdzukulu watumiza chithunzi: kapiritsi koyera, kakang'ono, ka mzere pakati. Kameneka kangakhale kokodzetsa ka mamiligalamu 25 ka agogo aakazi, kangakhale mankhwala a shuga a agogo aamuna, gilibenikilamaidi wa mamiligalamu 5, kangakhalenso puredinisoloni, mankhwala ochepetsa kutupa. Mzere uja ungonena kuti piritsi linapangidwa kuti lizitha kugawika. Agogo aakazi akamwa gilibenikilamaidi alibe shuga, shuga wa m'magazi amatsika: thukuta, kunjenjemera, kusokonezeka mutu, mwinanso kukomoka. Anthu n'kumati ndi malungo kapena kutentha.

N'chifukwa chake sindiyankha ndi dzina. Ndimati, "Bweretsani chitini chonsecho ndi mabuku a kuchipatala a onse awiri, ndipo agogo asamwe kaye kapiritsi kokayikitsako. Musachedwe, mankhwala a kuthamanga kwa magazi sadukizidwa masiku ambiri." Akafika ndimaona zomwe dokotala analemba, ndimafanizitsa piritsilo ndi a m'botolo lathu, mbali zonse ziwiri, kukula ndi kunenepa kwake. Ndimaonanso ngati lanyowa, lasweka kapena lasintha fungo. Asipirini wowonongeka ndi chinyezi amanunkha ngati viniga, zimene foni singaonetse. Tsiku lothera mphamvu ndi nambala ya gulu lomwe anapangidwira zimakhala pa paketi, osati papiritsi. Piritsi limene lakana kudziwika sitiliyerekeza. Timalichotsa, wodwala alandire ena.

Ngati famase ili kutali ndipo mukufuna kutumiza chithunzi poyamba, jambulani masana pamthunzi, piritsi lili papepala loyera, mbali zonse ziwiri, ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kuoneke. Jambulaninso paketi kapena kapepala kake ngakhale kofufutika, ndi tsamba lomaliza kulembedwa m'buku la kuchipatala.