Mufunseni kasitomala funso limodzi lokha

Atelala ambiri amene ndimawathandiza pa nkhani yotsatsa malonda amadandaula chimodzimodzi: kasitomala anasangalala, analonjeza kulemba umboni wa ntchitoyo woti makasitomala ena awerenge, koma mpaka lero kuli zii. Kawirikawiri vuto limakhala pa kapemphedwe. Mukauza munthu kuti "mundilembereko umboni", mwamusenzetsa ntchito yoganiza poyambira, kutalika kwake, komanso ngati alembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Amati alemba madzulo, kenako n'kuiwala. Akalemba n'komwe, amangoti "ntchito yabwino, Mulungu akudalitseni". Ndi mawu okoma, koma munthu amene sakukudziwani sangatolepo kanthu.

Tiyerekeze kuti munasoka madiresi a operekeza mkwatibwi ndipo ukwati unachitika Loweruka. Lamulungu musawavutitse, anthu amakhala atatopa, ena akadawerengera za perekaniperekani. Dikirani Lachiwiri kapena Lachitatu, pamene zithunzi zikuzungulira pa WhatsApp ndipo anzawo akufunsa kuti anasoka ndani. Pakatha mwezi, zambiri amakhala ataiwala.

Uthenga wake ungakhale wotere: "Mayi, mwaswera bwanji? Zithunzi ndaziona, munatchena. Ndimati mundiyankheko funso limodzi: pamene munkandisiyira nsalu zija, munkaopa chiyani, ndipo zinatha bwanji? Mizere iwiri yakwana. Ngati kulemba kukuchedwetsani, ingojambulani mawu."

Funso la mantha ndimalikonda chifukwa chimene mayiwa ankaopa n'chomwenso akuopa kasitomala wotsatira. Aliyense anamvapo za telala amene amazimitsa foni ukwati utatsala masiku awiri. Ndiye yankho limabwera lokhala ndi mutu: "Ndinkaopa kuti sizitha pa nthawi yake, koma ndinatenga madiresi onse Lachinayi. Imodzi inakula m'chiuno, anaibweza tsiku lomwelo."

Za diresi yokulayo musachotse ayi. Ambiri zimawayabwa, amafuna umboni wopanda banga, koma chiganizo chimenecho n'chimene chimachititsa owerenga kukhulupirira kuti walankhula ndi munthu weniweni. Chikusonyezanso zimene mumachita zinthu zikalakwika.

Akajambula mawu, lembani ndinu. Chotsani malonje ndi zobwerezabwereza, koma musawonjezere mawu amene sananene. Mukatero atumizireni kuti aone: "Ndalemba chonchi, zili bwino?" Apa iwo ntchito yawo yangotsala kunena kuti inde.

Pomwepo funsaninso chilolezo. Kodi muike dzina lonse, dzina loyamba lokha, kapena mungoti "kasitomala wa ku Ndirande"? Za chithunzi funsani padera, chifukwa pachithunzi cha ukwati pamakhala anthu ena amene sanavomere kuonekera pa tsamba la bizinesi yanu. Zikavuta, jambulani diresiyo ili pahang'ala.

Akapanda kuyankha, akumbutseni kamodzi pakatha sabata, basi. Ndipo musalonjeze kutsitsa mtengo posinthanitsa ndi umboni, chifukwa munthu amene akuyembekezera mphotho amangoyamikira chilichonse, n'kubwereranso ku "ntchito yabwino" ija.