Mazira m'dengu, kapena mbewu m'munda?

Tiyerekeze kuti alangizi akufuna positala yokamata pamsika wa Lizulu, yolimbikitsa alimi kudzala mbewu zosiyanasiyana. Mutu wake wabwera m'Chingerezi, ndipo ndi mwambi umene tikautembenuza liwu ndi liwu umati: "Musaike mazira onse m'dengu limodzi."

Chichewa chake n'cholongosoka, koma uthenga wasochera. Mayi wosenza thumba la kachewere akawerenga mawu amenewa aganiza za nkhuku, chifukwa kwathu kuno dengu la mazira si fanizo la chilichonse. Wojambula akawonjezanso chithunzi cha mazira, ndiye zatheratu. Positala imawerengedwa munthu ali pa ulendo, palibe woima pambali kuti alongosole.

Funso loyamba la womasulira likhale ili: chithunzi chili m'mawuwa, owerenga amachidziwa kale ndi tanthauzo lomwelo? Ngati inde, tembenuzani mmene alili. "Madzi ndi moyo" ndi "Kupewa kuposa kuchiza" safuna wowamasulira. Ngati ayi, tayani chithunzicho, mulembe chimene munthu akuyenera kuchita: "Musadalire mbewu imodzi."

Apanso pali kamsampha. Liwu loti mbewu limatanthauza zomera za m'munda komanso njere zodzala, choncho wina amva ngati akumuuza kuti agule mitundu iwiri ya chimanga. Mzere waung'ono pansi pake ndiwo utseke mpatawo: "Dzalani chimanga, kachewere ndi nyemba. China chikakanika, china chikupulumutsani." Musalembe "kasakaniza", poti ameneyo ndi ulimi wodzala mbewu zingapo m'munda umodzi, nkhani ina.

Ambiri amathamangira kusaka mwambi wathu woti ulowe m'malo mwa wachilendowo. Zikagwirizana zimakoma, koma mwambi uli ndi mwini wake, ndiye tanthauzo limene akuluakulu anaupatsa. Wina angakopeke ndi "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada" poona kuti ukunena za zinthu zambiri. Komatu mwambiwu umadzudzula wogwiragwira, ndiye kuti positala ikhala ikuletsa chomwe alangizi akulimbikitsa. Kwa ine, mawu osakometsera koma olunjika aposa mwambi wokhota.

Malo nawo amalamula. Pepala la A3 ndi lotambalala masentimita 29.7, ndipo zilembo zoti ziwerengeke bwino pa mtunda wa mamita atatu zimafuna kutalika pafupifupi masentimita 2.5. "Musadalire mbewu imodzi" ili ndi zilembo 21, ikwana m'mizere iwiri popanda kudula liwu pakati. Kulongosola kukatalika kupitirira apo, kutsitsireni ku mzere wapansi, osati kuchepetsa zilembo za mutu.

Musanapite kosindikiza, jambulani positalayo papepala limodzi, muonetse anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene sanaionepo, aliyense payekha, kwa kanthawi kochepa. Musafunse kuti "Mwamva?" poti mwaulemu aliyense avomera. Bisani pepalalo mufunse kuti: "Akuti tichite chiyani?" Awiri akatchula china chosiyana ndi chimene mumafuna, kalembeninso mutuwo.