Mukasintha thambo pa chithunzi, madzi ndi magalasi asatsalire

Amene amajambula kunyanja mu Seputembala ndi Okutobala amadziwa thambo la nyengo imeneyi: lotuwa ndi utsi wa tchire ndi fumbi, lopanda mtambo ndi umodzi womwe. Kulichotsa n'kuika lina sikuvutanso masiku ano, chifukwa kuyambira mu Okutobala 2020 pulogalamu ya Photoshop ili ndi chida chochitira ntchitoyi, chomwe chimapezeka pa Edit > Sky Replacement. Koma chidachi sichiika thambo latsopanolo m'madzi kapena m'magalasi. Nyanja imatsala yotuwa pansi pa mitambo yofiira, mawindo amawala mbee ngati kale, ndipo ngakhale munthu amene sanagwirepo kamera amazindikira kuti pali chosokonekera.

Titenge chithunzi chojambulidwa pagombe la Chembe ku Cape Maclear, choyang'ana chilumba cha Thumbi. Chili ndi mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 kuchoka pamwamba kufika pansi. Pakati pali bwato, kumanja kuli nyumba ya alendo ya mawindo akuluakulu.

Thambo musankhe moyang'ana mithunzi, kukongola kubwere pambuyo. Ngati mthunzi wa bwato wagwera kumanja, mbali yowala ya thambo latsopano ikhale kumanzere, ndipo kabokosi ka Flip kalipo chifukwa cha zimenezi. Ngati mithunzi siyikuoneka n'komwe, thambo la dzuwa lowala kwambiri silingagwirizane nacho, ndiye tengani la mitambo yambiri. Pa Output To sankhani New Layers, kuti thambolo libwere pa leya yakeyake yomwe mungathe kuikopera.

Pamadzi, ambiri amalakwa pa mzere wotembenuzira. Thambo limadziwonetsa m'madzi motembenuka pa chizimezime, pamene nyanja imakumana ndi thambo. Mzere wake si m'mphepete mwa mchenga, ndiponso si pamwamba pa phiri. Yambani n'kuwongola chithunzi ngati chapendekeka, kenako kokani mzere wolondolera n'kuuika pa chizimezimecho. Tinene kuti wagwera pa mapikiselo 1600 kuchokera pamwamba. Mtambo umene uli pa 1100 watalikira ndi 500 kumwamba kwa mzerewo, choncho chithunzithunzi chake chikhale 500 kumunsi, pa 2100, molunjika pansi pake ndendende. Koperani leya ya thambo ndi Ctrl+J, fufutani masiki amene yabwera nawo, omwe amaonetsa leya pamene ali oyera n'kuibisa pamene ali akuda, itembenuzeni ndi Edit > Transform > Flip Vertical, ndipo muitsitse mutagwira Shift kuti isasunthire kumbali. Kawerengedwe ka mtambo umodzi kaja n'kokwanira kukuuzani ngati mwaika bwino.

Leyayo musaisiye pa Normal, chifukwa imaphimba mafunde ndipo nyanja imaoneka ngati yopakidwa penti. Madzi amene ankaonetsa thambo lotuwa amakhala owala, choncho Multiply ndiye amathandiza: mtundu wa mitambo umalowa pamene pali powala, pomwe mizere yakuda ya mafunde imatsala momwe inaliri.

Kenako ganizirani mphamvu yake, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Madzi saonetsa thambo mofanana paliponse. Mukawayang'ana kuchokera pamwamba penipeni amabweza pafupifupi magawo 2 okha pa 100 a kuwala, n'chifukwa chake pafupi ndi mapazi anu mumaona mchenga ndi timiyala tapansi. Diso likamapita kutali n'kumayang'ana madzi mopendekeka, gawolo limakwera, poyamba pang'onopang'ono kenako mofulumira, mpaka pafupi ndi chizimezime madzi amakhala ngati galasi lodziyang'anira. Ikani masiki pa leyayo ndipo mugwiritse ntchito Gradient Tool, kuyera kukhale ku chizimezime, kuda kukhale kugombe. Poyambira pabwino ndi Opacity ya 60 kapena 70. Pomaliza, mtambo wa m'madzi ukhale woderapo pang'ono kuposa wakumwamba. Ukawala kuposa mwini wake, chinyengo chaonekera.

Bwato ndi chilumba zili kale ndi zithunzithunzi zake m'madzimo, ndipo zimenezo n'zenizeni. Zitetezeni popaka utoto wakuda pa masiki ndi burashi yofewa. Mtambo wodutsa pamwamba pa chithunzithunzi cha Thumbi ndi wosatheka, popeza pamalo amenewo madzi akuona chilumba, sakuona thambo.

Mafunde amatalikitsa chithunzithunzi cha zinthu kuchokera kutali kubwera kwa woyang'ana, monga mmene kuwala kwa nyali za asodzi kumakhalira mzere wautali usiku. Choncho pa Filter > Blur > Motion Blur ikani Angle pa 90. Pa chithunzi cha kukula kumeneku, Distance ya 30 mpaka 60 imakwanira ngati nyanja ili bata. Tsiku la mwera musavutike ndi maonekedwe a mitambo, chifukwa madzi owinduka saonetsa mtambo wozindikirika. Ingosungunulani leyayo kwambiri ndi Gaussian Blur kuti patsale mtundu wokha.

Galasi lili ndi lamulo lina, ndipo kukopera zimene mwachita pamadzi ndiko kulakwa kofala. Windo laimirira, siligona ngati nyanja, choncho silitembenuza thambo chadodolido. Limasinthanitsa kumanja ndi kumanzere basi. Komanso windo loyang'anana nanu limaonetsa thambo la kumbuyo kwanu, lomwe silili m'chithunzi. Ngati dzuwa likulowa kutsogolo kwanu, galasi lotere silingakhale ndi dzuwalo. Lipatseni chigawo china cha thambo lomwelo, chakutali ndi dzuwa, cha mtundu wozizirirapo. Nyumba ya m'chitsanzo chathu ili kumbali, ndipo mawindo ake tikuwaona mopendekeka akuyang'ana kunyanja. Amenewa ndiye amaonetsa thambo lakutsogolo, mwamphamvunso, ndipo apa Flip Horizontal ndi woyenera.

Sankhani galasi lililonse palokha ndi Polygonal Lasso Tool, kusiya mafelemu ndi zitsulo zotchingira akuba. Galasi wamba loyang'anidwa molunjika limabweza pafupifupi magawo 8 pa 100 a kuwala, mbali zake ziwiri pamodzi, choncho makatani ndi zam'kati ziyenera kuonekabe. Pa windo lakuda gwiritsani ntchito Screen ndi Opacity ya 20 mpaka 30. Pa windo limene linayera ndi thambo lakale, bwererani ku Multiply. Kenako sunthani thambo la galasi lililonse ndi mapikiselo 5 kapena 10 mosiyana ndi loyandikana nalo. Palibe mmisiri amene amaika magalasi awiri mofanana ndendende, ndiye mtambo wopitirira bwinobwino pa mawindo anayi umaoneka ngati pepala lomatidwa.

Musanatumize chithunzi, chikulitseni kufika pa 100% ndipo muyerekeze timadontho ta m'thambo ndi ta pamchenga. Thambo lobwereka ndi leya zosungunulidwa zimakhala zosalala kuposa zina zonse. Filter > Noise > Add Noise pa 1 kapena 2, mutasankha Gaussian ndi Monochromatic, imafananitsa zimenezi. Yang'ananinso m'mphepete mwa mitengo ya pachilumba: ngati pali kamzere koyera kozungulira masamba, tsegulani masiki a thambo n'kupaka utoto woyera pamenepo ndi burashi yofewa ya Opacity yochepa, mpaka kuyera kwa thambo lakale kutatha.