Mnzanu woyeserera kayankhulidwe ka ena musamulowetse m'kafukufuku

Chaka chilichonse pamapezeka wophunzira wolowa mu ofesi mwanga foni ili m'manja, nkhope ili mwee, ati wapeza njira yodziwira mmene anthu amaonera katchulidwe ka mawu ka anzawo. "Aphunzitsi, ndili ndi mnzanga, amatha kuyeserera mtundu uliwonse." Ndikangomva zoyesererazo mutu umayamba kundiwawa.

Njira imene amanenayo ilipodi, ndipo si yachibwana. Anaiyambitsa Wallace Lambert ndi anzake pa yunivesite ya McGill ku Montreal, m'dziko la Canada, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1960. Anatenga amuna anayi odziwa bwino Chifalansa ndi Chingelezi. Aliyense anawerenga ndime imodzimodzi kawiri, koyamba m'chiyankhulo china, kachiwiri m'chinzake. Pa tepi anawonjezerapo mawu a anthu ena awiri ongosokoneza, onse pamodzi n'kukhala mawu khumi. Ophunzira 130 anamvetsera akuganiza kuti ndi anthu khumi osiyana, n'kumapereka malikisi pa zinthu 14 monga nzeru, kudalirika, chifundo, ngakhale kutalika kwa msinkhu. Poti pakhosi ndi pomwepo ndipo uthenga ndi womwewo, malikisi akasiyana ndiye kuti chasiyanitsa ndi chiyankhulo. Ngakhale ophunzira oyankhula Chifalansa anakweza munthu akamayankhula Chingelezi pa zinthu zambiri, n'kumutsitsa yemweyo akabwerera ku chiyankhulo chawo.

Amuna a Lambert aja sankayeserera aliyense, ziyankhulo zonse ziwiri ankaziyankhula bwinobwino. Vuto limabwera mukachoka pa ziyankhulo n'kupita pa katchulidwe. Mu 1970 Howard Giles ku Britain anagwiritsa ntchito mwamuna mmodzi kutulutsa akatchulidwe 13 a Chingelezi, ndipo funso limene akatswiri akhala akufunsa pa kafukufuku wotere ndi lakuti, kodi pakamwa pamodzi pangatuluke mitundu yonseyo osapotoza ina?

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya mtsikana wina amene anandibweretsera ntchito atamaliza kale. Anajambula mnzake wa zisudzo akuwerenga kandime ka Chichewa, koyamba mmene amayankhulira kwawo, kachiwiri akuyeserera Myao. Omvera anamupatsa "Myaoyo" malikisi otsika pa nzeru, okwera pa nthabwala, ndipo mtsikanayo anali atalemba kale kuti wapeza tsankho. Ndinamupempha kuti timvetsere limodzi. Poyamba mnyamatayo ankawerenga modekha ngati wa nkhani pa wailesi. Kachiwiri anakweza mawu, anathamanga, ankakoka mawu omalizira, ndipo penapake ankamveka kuti akudziletsa kuseka. Zosintha zinali zinayi kapena zisanu, osati chimodzi. Omverawo anaweruza munthu wa pa siteji, ndipo mwina anaweruza bwino. Tsankholo likhoza kukhalapo ndithu, koma zojambula zija sizikanatha kulionetsa. Miyezi inayi inalowa m'madzi, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti tsiku limodzi likanamupulumutsa.

Tsiku limodzilo ntchito yake ndi iyi. Musanayeze aliyense, tengani zojambulazo mukamvetseretse eni ake a katchulidweko, amene sadzakhala nawo m'kafukufuku. Afunseni kuti munthuyu ndi wochokera kuti, komanso ngati akuyankhula zenizeni kapena akuchita sewero. Akangoseka, tayani. Fufuzani munthu amene anakulira mbali zonse ziwiri, amene amasintha lilime yekha akafika kwa agogo ake. Akasowa, jambulani anthu osiyana, aliyense m'kayankhulidwe kake, ofanana msinkhu ndi liwiro la mawu, koma muvomereze polemba kuti tsopano omvera akhoza kukopeka ndi mawu a munthuyo, osati katchulidwe kokha.

Chinanso chimene ambiri amachilumpha n'chakuti njira yonseyi imadalira kuti womvera asatulukire chinsinsi. Mukaika mawu awiri a munthu mmodzi motsatizana, wamakutu akuthwa amazindikira, n'kuyamba kuyankha zimene akuganiza kuti inu mukufuna. Alekanitseni ndi mawu osokoneza aja, gulu lina liyambe ndi mbali iyi, lina ndi inayo, ndipo pomaliza funsani ngati alipo anamva munthu kawiri. Mapepala a amene anazindikira aikeni padera.

Ndiye chenjerani ndi akatswiri a m'thumba amene amaimba timawu tiwiri pa foni pamaso pa kalasi imodzi, mawa lake n'kumalengeza kuti mtundu wakuti umadedwa. Munthu amene wamva ndime imodzimodzi kakhumi, ali ndi cholembera m'manja, amatchera khutu pa katchulidwe kuposa mmene angachitire pa msika. Zimene wachonga pa pepala sizikutiuza amene angamulembe ntchito. N'chifukwa chake katswiri wa ziyankhulo John Baugh ku America ankachita kuimbira eni nyumba za lendi m'mayankhulidwe atatu a Chingelezi, n'kumawerenga amene amuuza kuti abwere adzaone nyumba.